Sikelo, Msambo ndi Dzira: Mmene Kuonda Kapena Kunenepa Kwambiri Kumachedwetsera Pathupi

Banja likatha zaka ziwiri popanda mphatso, anthu sasowa chonena. Mkazi akakhala wonenepa, alamu amanong'onezana kuti mafuta atseka chiberekero. Akakhala wowonda, apongozi amati magazi ndi ochepa, mwana angakhale pati m'thupi lotere. Mawu onsewa amalasa mtima, ndipo onse ndi olakwika. Mafuta satseka chiberekero, ndipo m'mimba mwa mkazi wowonda malo a mwana alimo okwanira. Komabe pansi pa miseche imeneyi pali kanthu koona kamene madokotala a matenda a amayi amakaona tsiku ndi tsiku. Thupi likaonda mopitirira kapena likanenepa mopitirira, dzira limatha kuleka kukhwima ndi kutuluka pa nthawi yake, ndipo mwezi umene dzira silinatuluke pathupi sipangabwere, ngakhale banjalo litakhala malo amodzi usiku uliwonse.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambire kumutu, chifukwa lamulo loti dzira likhwime limachokera mu ubongo. Pansi pa ubongo pali kachigawo kakang'ono kotchedwa haipothalamasi. Kachigawo kameneka kamatulutsa homoni yake modukizadukiza, pafupifupi kamodzi pa ola lililonse kapena ola ndi theka. Homoniyo imadzutsa kachiwalo kena koyandikana nako, kotchedwa pituwitale, ndipo iko kamatumiza m'magazi mahomoni awiri amene pa mapepala a kuchipatala amalembedwa kuti FSH ndi LH. Mahomoniwa akafika ku matumba a mazira, timatumba tingapo tokhala ndi mazira osakhwima timayamba kukula. Kamodzi kamaposa anzake, n'kumatulutsa esitirojeni, homoni imene imakonza khoma la m'kati mwa chiberekero. Esitirojeni ikakwera mokwanira, ubongo umatumiza LH wambiri nthawi imodzi, ndipo pakatha tsiku limodzi ndi theka kathumba kaja kamaphulika, dzira n'kutuluka. Dziralo limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 basi, pamene umuna umatha kudikira m'thupi mwa mkazi mpaka masiku 5. Dzira likapanda kukumana ndi umuna, msambo umabwera patatha masiku pafupifupi 14.

Chofunika kugwira pa zonsezi ndi chakuti ndondomekoyi imadalira kadukizidwe ka uthenga wochokera ku ubongo. Uthengawo ukachedwa, ukafooka, kapena ukamabwera mosalekeza, dzira silikhwima. Kuonda ndi kunenepa kumasokoneza uthenga umodzimodziwu, koma kulikonse kumadzera njira yakeyake.

Thupi likamasowa mphamvu

Pathupi ndi ntchito yodula. Kunyamula mwana miyezi 9 kumafuna mphamvu zambiri, ndipo kuyamwitsa kumafuna zoposa pamenepo. Ubongo uli ngati mwini nyumba amene amayamba wasuzumira m'nkhokwe asanaitane mlendo wodzakhala zaka ziwiri. Akaona chimanga chatsala pansi, amati mlendoyo abadikira kaye.

Amene anayamba kulimbikira poyera kuti mafuta a m'thupi ndi msambo n'zolumikizana ndi mayi wina wasayansi wa ku Harvard, ku America, dzina lake Rose Frisch. M'zaka za m'ma 1970 iye ananena kuti mtsikana amafunika mafuta okwana pafupifupi magawo 17 pa 100 aliwonse a thupi lake kuti athe msinkhu, ndiponso magawo 22 kuti msambo uzibwera mwezi ndi mwezi. Anzake anatsutsa manambalawo, ndipo lero palibe dokotala amene amawatenga ngati malire enieni, koma ganizo lake lalikulu linatsimikizika. Mu 1994 gulu la Jeffrey Friedman ku New York linatulukira leputini, homoni imene imapangidwa ndi mafuta enieniwo. Mafuta akachuluka leputini imachuluka, akachepa imatsika, ndipo ubongo umaiwerenga. Leputini ikatsika, pamodzi ndi zizindikiro zina za njala monga kutsika kwa insulini ndi kukwera kwa homoni ya nkhawa, haipothalamasi imachedwetsa uthenga wake. Poyamba dzira limatulukabe koma masiku a pambuyo pake amafupika, ndipo chiberekero sichikonzeka bwino kulandira mwana. Zikapitirira, miyezi ina dzira silituluka. Pamapeto pake msambo umaima.

Zimenezi zinaoneka pa mtundu wonse wa anthu ku Netherlands m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, pamene nkhondo inatsekereza chakudya cha mizinda ya kumadzulo kwa dzikolo. Amayi ambirimbiri anasiya kusamba, ndipo patatha miyezi 9 chiwerengero cha ana obadwa chinatsika kwambiri. Chakudya chitabwerera msambo unabwereranso, ana n'kuyamba kubadwa ngati kale. Matumba a mazira sanaonongeke. Anangopumitsidwa.

Apa wina afunsa, ndipo funso lake ndi loyenera: nanga amayi a kumudzi owonda aja, olima, otunga madzi, osenza nkhuni, bwanji ali ndi ana asanu ndi awiri? Yankho lake ndi lakuti ubongo suona sikelo. Umaona ngati chakudya chimene chikulowa chikukwanira ntchito imene thupi likugwira. Mayi wowonda mwachibadwa, amene mayi ake ndi agogo ake analinso otero, amene amadya mokhuta ndipo kulemera kwake sikusintha chaka ndi chaka, kawirikawiri amasamba bwino ndi kubereka bwino. Woopsa ndi amene akutsika. Wasayansi wina, Peter Ellison, anayeza mahomoni a amayi a mtundu wa Lese m'nkhalango ya Ituri ku Congo, ndipo anapeza kuti m'miyezi ya njala, amayiwo akatsika ngakhale makilogalamu ochepa, mahomoni a m'matumba a mazira ankatsika, ndipo otenga pakati m'miyezi imeneyo ankachepa. Aliyense wodziwa Januwale ndi Febuluwale wa kwathu kuno, pamene ufa watha koma ntchito ya kumunda ili pachimake, angamvetse zimene anaonazo.

M'tauni vutoli limavala nkhope ina. Pali mtsikana amene waganiza zochepetsa thupi ukwati usanachitike, akumwa tiyi wopanda kanthu m'mawa, kudumpha nkhomaliro, madzulo n'kupita kukathamanga. Pali osewera ntchemberembaye ndi othamanga mitunda italiitali amene amalimbitsa thupi kwambiri koma osaonjezera chakudya. Palinso matenda a maganizo amene munthu amaopa kudya ngakhale aonde chotani, ndipo si matenda a azungu okha monga ambiri amaganizira. Anthu otere ena saoneka n'komwe owonda kwambiri, koma msambo waima. Ndimadandaula ndikamva wina akunyadira kuti wapumula ku zosamba chifukwa cha masewera, pakuti thupi lopanda esitirojeni kwa miyezi yambiri limayamba kufooketsa mafupa, ndipo mafupa otayika pa utsikana sabwerera onse.

Mankhwala a vuto limeneli ndi chakudya ndi kupumula. Tiyerekeze mayi wamtali mamita 1.60 amene anali ndi makilogalamu 52, tsopano watsika kufika 45, ndipo watha miyezi 5 osasamba. Achipatala amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BMI, umene umapezeka pogawa kulemera ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Kwa iyeyu, 1.60 kuchulukitsa ndi 1.60 ndi 2.56, ndipo 45 kugawa ndi 2.56 ndi 17.6. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati wochepera 18.5 ndi wowonda mopitirira. Kuti afike pa 18.5 akufunika makilogalamu 47 ndi theka, koma msambo nthawi zambiri subwerera pa mzere umenewo. Umabwerera munthu akafika pa kulemera kumene anali nako pamene ankasamba bwino, mwinanso kupitirirako pang'ono, ndipo zimatha kutenga miyezi ingapo atafikapo kale. Phala lothira nsinjiro m'mawa, mapeyala, mtedza, mazira, usipa, chambiko, ndi kudya kasanu pa tsiku m'malo mwa kawiri, zimagwira ntchito imeneyi bwino kuposa mapiritsi onenepetsa ogulitsidwa m'misika. Ena mwa mapiritsi amenewo ndi amphamvu kwambiri, amatupitsa nkhope, amakweza shuga, ndipo iwo eni amasokoneza msambo. Mapiritsi a kulera nawonso amatha kubweretsa magazi mwezi uliwonse, koma magazi amenewo sasonyeza kuti dzira layambiranso kutuluka.

Koma asanayambe kuonjezera chakudya, mayi ameneyu ayezedwe kaye ngati alibe pakati, ndiponso afunsidwe chimene chamuondetsa. Munthu woonda popanda kufuna ayenera kuyezedwa chifuwa chachikulu, HIV, shuga ndi chithokomiro. Kuthira nsinjiro m'phala la munthu wodwala TB amene sanayambe mankhwala n'kutaya nthawi.

Thupi likakhala ndi zochuluka

Mbali iyi ndi imene ikukula msanga pakati pathu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi, 7 pa 100 aliwonse anali owonda mopitirira, pamene 21 pa 100 anali onenepa mopitirira muyeso. M'matauni anali oposa mayi mmodzi mwa atatu aliwonse. Ndipo ife timakuyamikira kunenepa. Mkazi akakwatiwa n'kudzaza chitenje timati bambo akusamala bwino. Zaka zimene Edzi inkatha anthu zinationjezera mantha a kuonda, moti mayi amene watsika makilogalamu ochepa amadziwa kuti anthu ayamba kumuloza chala. N'chifukwa chake malangizo oti achepetse thupi salandiridwa mopepuka, ndipo wowapereka ayenera kudziwa zimene akupempha.

Mafuta a m'thupi si katundu wongosungidwa. Amagwira ntchito ngati chiwalo chopanga mahomoni. Mkazi aliyense ali ndi mahomoni achimuna pang'ono m'magazi mwake, ndipo mafuta amatha kuwasandutsa esitirojeni. Mafuta akachuluka, esitirojeni imakhala ilipo nthawi zonse, osatsika ndi kukwera monga imayenera kuchitira pa mwezi. Ubongo umaona ngati kathumba kakukula kale, n'kuchepetsa FSH, ndipo kathumba kotsogola kaja sikapezeka.

Njira yachiwiri, imene ndi yamphamvu kuposa yoyambayo, ndi ya insulini. Iyi ndi homoni imene imatsegulira shuga kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu. Mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, minofu imayamba kuuma makutu, ndipo thupi limapanga insulini yochuluka kuti imvedwe. Matumba a mazira okha sauma makutu. Iwo amaimva insulini yonseyo, ndipo imawakakamiza kupanga tesitositeroni wambiri. Nthawi yomweyo chiwindi chimachepetsa chinthu chimene chimamanga tesitositeroni m'magazi kuti asagwire ntchito. Zotsatira zake, timatumba tambiri timayamba kukula koma timaima panjira tili tating'ono, popanda kophulika.

Izi n'zimene zimaoneka pa vuto lotchedwa PCOS, limene madokotala awiri a ku Chicago, Stein ndi Leventhal, analilongosola mu 1935. Mu 2025 WHO inati limagwira amayi 6 mpaka 13 pa 100 aliwonse a msinkhu wobereka, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa kuti ali nalo. Dokotala amaliganizira akapeza ziwiri mwa zinthu zitatu izi, atatsimikiza kuti palibe matenda ena: msambo wotalikirana kapena wosowa, zizindikiro za mahomoni achimuna monga ndevu ndi ziphuphu zosatha, ndi timatumba tambiri tooneka pa sikani. Tisasokoneze: kunenepa sindiko PCOS. Alipo amayi owonda amene ali nayo, ndipo alipo onenepa ambiri amene alibe. Koma kwa amene anabadwa ndi mbewu yake, kunenepa kumaikolezera, ndipo iyo imachititsa kuchepetsa thupi kukhala kovuta kuposa kwa anthu ena. Chizindikiro china chimene ambiri amachiyesa litsiro ndi khungu lakuda, lokhuthala, kuseri kwa khosi ndi m'khwapa. Amayi amalikhula ndi mwala mpaka kutupa, pamene ndi insulini yochuluka ikudzionetsera pakhungu.

Ngakhale mayi wonenepa amene dzira lake limatuluka mwezi uliwonse amatha kudikira nthawi yaitali. Kafukufuku wa ku Netherlands wofalitsidwa mu 2008, amene anatsatira mabanja oposa 3,000 ovutika kubereka koma akazi ake akutulutsa mazira, anapeza kuti BMI ikadutsa 29, nambala iliyonse yoonjezerapo inkachepetsa mwayi wotenga pakati ndi magawo pafupifupi 4 pa 100. Zikuoneka kuti dzira lenilenilo ndi khoma la chiberekero zimakhudzidwanso, ndipo kupita padera kumachuluka. Manambalawa ndi a gulu, osati chiweruzo cha munthu mmodzi. Amayi onenepa ambiri amatenga pakati popanda vuto, ndipo wonenepa amene sakufuna mwana pakali pano asasiye kulera poganiza kuti thupi lake lamuteteza.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti dzira lake likutuluka?

Chida choyamba ndi kalendala ndi cholembera. Lembani tsiku loyamba kuona magazi, ndipo werengani mpaka tsiku loyamba la msambo wotsatira. Masikuwo akamakhala pakati pa 21 ndi 35, osasiyana kwambiri mwezi ndi mwezi, nthawi zambiri dzira likutuluka. Akamapitirira 35, kapena msambo ukamabwera kosakwana ka 8 pa chaka, ndiye kuti miyezi yambiri silikutuluka. Chizindikiro chachiwiri ndi chikazi choyera, choterera ndi chotanuka chimene chimabwera masiku ochepa dzira lisanatuluke. Kuchipatala amatha kuyeza homoni ya pulojesiteroni m'magazi kutatsala masiku 7 kuti msambo ubwere, ndipo ikapezeka yokwera ndi umboni wakuti dzira linatuluka. Timapepala toyezera LH mu mkodzo timagulitsidwa m'mafamase ena, koma kwa mayi wa PCOS timatha kunama, chifukwa LH wake amakhala wokwera masiku ambiri.

Kutuluka magazi pakokha si umboni. Mayi wonenepa amene dzira silikutuluka amatha kukhala miyezi itatu osaona kanthu, kenako n'kutaya magazi ambiri kwa milungu iwiri. Khoma la chiberekero limakhala lakhuthala mopitirira chifukwa cha esitirojeni yosalekeza, mpaka kugumuka lokha. Zikamachitika kwa zaka zambiri zimaonjezera chiopsezo cha khansa ya khoma la chiberekero. Choncho kutha masiku 90 osasamba, popanda pathupi, kuyamwitsa kapena njira ya kulera, n'chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala ngakhale kwa amene sakufuna mwana.

Mayi wa makilogalamu 82

Tiyerekeze tsopano mayi wa zaka 29 amene amagulitsa mu shopu, amakhala pampando tsiku lonse, wamtali mamita 1.60 ngati woyamba uja, koma wolemera makilogalamu 82. Wakhala pabanja zaka ziwiri osalera. Buku lake likusonyeza kuti msambo unabwera patatha masiku 45, kenako 60, kenako 38. BMI yake ndi 82 kugawa ndi 2.56, zomwe ndi 32. Kuyambira 25 munthu wapitirira muyeso, ndipo kuyambira 30 ndi wonenepa kwambiri. Tepi ya telala ikazunguliridwa m'chiuno mwake, pamwamba pang'ono pa mchombo, ikuwerenga masentimita 98. Muyeso wosavuta kukumbukira ndi wakuti chiuno chisafike theka la msinkhu, ndiye kwa iyeyu chikanayenera kuchepera masentimita 80. Tepi imeneyi nthawi zina imanena zoona kuposa sikelo, chifukwa BMI siisiyanitsa mafuta ndi mnofu, ndiponso siisiyanitsa mafuta a m'matako ndi m'ntchafu, amene savuta kwenikweni, ndi a pamimba amene amasokoneza insulini.

Kuti BMI yake itsike pansi pa 25, mayiyu ayenera kufika makilogalamu osakwana 64, kutanthauza kuchotsa oposa 18. Akauzidwa zimenezo amagwa ulesi asanayambe, ndipo n'zosafunika kumuuza, chifukwa matumba a mazira sadikira zonsezo. Kuchotsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwake, omwe ndi makilogalamu 4 mpaka 8, kumatsitsa insulini mokwanira kuti kwa amayi ambiri dzira liyambirenso kutuluka. Ku Adelaide, ku Australia, madokotala anatsatira amayi onenepa 67 amene mazira awo sankatuluka, ndipo anamaliza miyezi 6 ya kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi m'magulu. Anatsika makilogalamu pafupifupi 10 aliyense tikawagawa mofanana. Malinga ndi zimene zinafalitsidwa mu 1998, amayi 60 anayambiranso kutulutsa mazira, 52 anatenga pakati, ena paokha ena mothandizidwa ndi mankhwala, ndipo 45 anabereka ana amoyo. Ambiri mwa iwo anali akadali onenepa pamene zimenezi zinkachitika.

Makilogalamu 4 mpaka 8 amachoka m'miyezi 3 mpaka 6 ngati munthu akutsika pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata kapena kucheperapo. Kwa mayi wathuyu poyambira pabwino ndi pa zakumwa. Amamwa tiyi katatu pa tsiku, kapu iliyonse masupuni aang'ono 4 a shuga, ndiye masupuni 12. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8. Akaphatikiza ndi sobo wa madzulo, shuga wakumwa yekha wadutsa masupuni 20 asanadye kanthu. Kenako pali mandasi ndi chipisi cha masana, ndi mafuta ophikira amene timathira mosayeza. Nsima sayenera kuisiya, ndipo malangizo oti Mmalawi asiye nsima satha sabata. Angachepetse mitanda kuchoka pa itatu kufika pa umodzi ndi theka, asankhe mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ndipo malo otsala m'mbale adzaze ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, nyemba kapena nsomba. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata kumathandiza minofu kumva insulini ngakhale sikelo isanasunthe. Kutsika minibasi masiteji awiri asanafike kuntchito kumakwaniritsa zimenezi popanda kulipira kalikonse.

Chimene sayenera kuchita ndi kudzipha ndi njala. Wonenepa amene wasiya kudya mwadzidzidzi amatumiza ku ubongo uthenga womwe uja wa nyengo ya njala, ndipo msambo umatha kusokonekera. Tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa pa foni nthawi zambiri amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo palibe amene angatsimikize kuti ndi wabwino kwa mwana amene mwina wayamba kale kupangika mayi asanadziwe.

Nthawi nayo ili ndi mtengo wake

Pali madokotala amene amabweza mayi wonenepa ndi mawu akuti kachepetseni thupi kaye, mubwerenso. Ine ndimaona kuti mawu amenewa, akanenedwa okha popanda kuyeza china chilichonse ndi popanda tsiku lobwerera, amachita nkhanza. Umboni nawonso suwaikira kumbuyo kotheratu. Mu 2016 kafukufuku wamkulu wa ku Netherlands anagawa amayi onenepa ovutika kubereka 577 m'magulu awiri. Ena anayamba ndi miyezi 6 yochepetsa thupi asanalandire thandizo la kubereka, ena analandira thandizolo nthawi yomweyo. Gulu lochepetsa thupi linatsika makilogalamu pafupifupi 4, ndipo ambiri a m'gululi anatenga pakati paokha popanda mankhwala kuyerekeza ndi gulu linalo. Koma powerenga ana obadwa m'zaka ziwiri, gulu lochepetsa thupi silinapose linzake, linatsalira pang'ono. Phunziro lake ndi lakuti kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri mayi amene vuto lake ndi dzira losatuluka ndipo zaka zikadali kumbali yake. Mayi wa zaka 29 angathe kupereka miyezi 6. Wa zaka 38 sangakwanitse kutaya chaka chathunthu akulimbana ndi sikelo, chifukwa mazira amachepa ndi kufooka msanga akadutsa zaka 35. Iyeyo achite zonse ziwiri nthawi imodzi.

Miyezi 6 ikatha msambo ukadali wotalikirana, pali mankhwala okhwimitsa dzira, monga letirozo ndi kilomifeni, amene amamwedwa masiku 5 kumayambiriro kwa msambo. Kwa amayi a PCOS letirozo wasonyeza kubweretsa ana ambiri kuposa kilomifeni. Nthawi zina dokotala amaonjezera metifomini, mankhwala a shuga othandiza thupi kumva insulini. Amenewa si mankhwala ogula chifukwa mnzako anamwa n'kubereka mapasa. Amafunika dokotala woyang'anira, ndipo kwa mayi wowonda uja, amene ubongo wake waimitsa uthenga, kawirikawiri sagwira n'komwe ntchito mpaka atabwezeretsa thupi. Kukakamiza pathupi pa thupi lanjala kumaonjezera chiopsezo cha mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, monganso kutenga pakati uli wonenepa kwambiri kumaonjezera shuga wa pathupi, kuthamanga kwa magazi ndi kuchira kudzera mu opaleshoni. Amayi onse awiriwa ayambe kumwa mapiritsi a foliki asidi asanaime.

Pali zinthu zina zimene zimasokoneza chithunzichi kwathu kuno. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena, ndipo akasiyidwa kubereka kumatha kuchedwa miyezi 10 kapena kupitirira kuchokera pa jakisoni womaliza. Mayi amaona kuti wanenepa ndipo sakusamba, n'kuimba mlandu mafuta, pamene ndi mankhwala akutha pang'onopang'ono m'thupi. Ma ARV atsopano amene anayamba kuperekedwa kwa ambiri mu 2019 amanenepetsanso anthu ena, koma palibe chifukwa chowasiyira. Nkhaniyo ikambidwe ndi achipatala. Chithokomiro chofooka chimanenepetsa ndi kusokoneza msambo nthawi imodzi, ndipo chimapezeka ndi kuyeza magazi kamodzi.

Koposa zonse, m'mayiko athu a kum'mwera kwa Sahara chimodzi mwa zifukwa zazikulu za kusabereka kwa amayi ndi kutsekeka kwa machubu odutsa dzira, kobwera ndi matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe, kapena matenda olowa pambuyo pobereka ndi popita padera. Mayi wa machubu otseka angatsike makilogalamu 20 koma dzira lake silikumana ndi umuna. Ndipo pa mabanja ovutika kubereka, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna, amene naye kunenepa kwa pamimba kumatsitsa tesitositeroni ndi kuchepetsa mbewu zake. Chotero banja limene latha miyezi 12 osalera popanda pathupi, kapena miyezi 6 ngati mayi wadutsa zaka 35, lipite kuchipatala cha boma cha m'dera lawo, kumene angawatumize kwa madokotala a amayi ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu. Amene msambo wake ndi wotalikirana kale asadikire n'komwe miyezi 12. Mayi atenge buku lija la masiku a msambo, ndipo bambo apite nawo akapereke umuna woti uyezedwe. Kuyeza kumeneko n'kosavuta ndiponso kotsika mtengo kuposa kuyeza kwina kochuluka kumene mkazi angachitidwe, ndipo kuyenera kuchitika mayi asanauzidwe kuti athe miyezi 6 akuchepetsa mitanda ya nsima.